Pulasitala "yauma" si pulasitala yolimba

Chilimwe chino anthu anayi andionetsa zithunzi za nyumba zomwe akumangitsa kumudzi ali kuno ku Joni, ndipo onse anabwera akusangalala ndi mawu amodzimodzi ochokera kwa mmisiri: "Bwana, tapaka dzulo, lero yauma kale, yayera mbee." Ine ndikamva zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa mawuwo akufotokoza khoma lomwe lawonongeka, koma mwini wake akutumiza ndalama ya penti.

Simenti silimba chifukwa chouma. Imalimba chifukwa madzi akugwira ntchito m'kati mwake, ndipo ntchitoyo imatenga masiku. Mphamvu ya konkire imayezedwa pakatha masiku 28, ndipo sabata yoyamba ndiyo yofunika kwambiri. Madzi akathawa tsiku loyamba, kulimbako kumaimira pomwepo. Tsono Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, usiku kumazizirako ngakhale mu Okutobala. Ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nsanje dzuwa la mwezi womwewo limaotcha khoma mpaka madzulo, ndipo njerwa zouma zimamwa madzi a pulasitala kuchokera kumbuyo. Zomwe mumaona pa ntchito zomanga za ku Midrand musamaziyerekeze ndi za kunyanja.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti chizolowezi chosiya pulasitala kuti iume msanga timachitcha luso. Tinazolowera zidina ndi njerwa zoumba, zomwe zimafunadi dzuwa, ndiye taganiza kuti simenti nayonso n'chimodzimodzi. Kodi tidzasiya liti? Palinso mawu akuti "yosalala ngati galasi". Kuti khoma lakunja lisalale chonchi, mmisiri amalikhula nthawi yaitali ndi chopakira chachitsulo, simenti n'kukwera pamwamba ngati kachikopa kopyapyala. Kachikopako kakapsa ndi dzuwa kamachita timing'alu tolukanalukana ngati pansi pa dambo louma. Khoma lakunja lopakidwa bwino m'dera lotentha limakhala lokhakhala pang'ono chifukwa limamalizidwa ndi chopakira chathabwa, ndipo masiku oyamba limaoneka lotuwa modera chifukwa likuthiriridwa. Pa chithunzi silisangalatsa, koma ndilo labwino.

Bambo wina wa ku Mangochi, mlimi wa chimanga ndi nandolo amene amagwira ntchito yosamalira maluwa ku Randburg, anandipeza ku Mayfair titatuluka m'sitolo. Anati, "Achimwene, ine mbewu ndimaidziwa, nazale sindiisiya tsiku osathirira. Koma khoma sindinkadziwa kuti nalo limamwa." Mmisiri wawo anasakaniza thumba limodzi la makilogalamu 50 ndi mawilibala anayi a mchenga wosalala wa m'mbali mwa msewu, n'kupaka masana khoma loyang'ana kumadzulo, osanyowetsa njerwa. Mjigo unali patali, ndiye panalibe wothirira. Patatha milungu itatu mayi a kunyumba anakanda khomalo ndi msomali, mchenga unangoyoyoka. Atagogoda ndi chigwiriro cha mpeni, malo ena ankamveka ngati ng'oma, kusonyeza kuti pulasitala yalekana ndi njerwa. Anagumula pulasitala ya khoma lonselo. Simenti, mchenga ndi mmisiri analipira kawiri, pamene wotunga madzi wa sabata imodzi akanawadyera ndalama yosafika thumba limodzi la simenti. Pansi pa chipinda napo pankatuluka fumbi akamasesa, chifukwa konkire yake inasiyidwa padzuwa chimodzimodzi.

Malata nawo timawafotokoza mwachisawawa. "Owala bwino" si muyeso. Kumudzi amatchula geji, ndipo nambala ikamakwera lata limapyapyala: 32 ndi lopyapyala kuposa 28. Kuno amatchula mamilimita, monga 0.4 kapena 0.5, ndipo apa nambala yaikulu ndiye lochindikala. Ambiri amasokoneza ziwirizi pa foni. Komanso wina asakunamizeni kuti malata ochindikala amaziziritsa nyumba. Popanda siling'i ndi mipata yotulutsira mpweya, onse amatentha.

Tsono pofunsa, siyani funso lakuti "yauma?" Funsani kuti thumba limodzi aika mawilibala angati a mchenga. Kwa pulasitala asapitirire atatu osasefukira, ndipo khoma lakunja ndi bwino awiri ndi theka. Kuchindikala kwa pulasitalayo kukhale mamilimita 10 mpaka 15. Njerwa azinyowetse asanapake, ndipo apake m'mawa kapena mbali yomwe kuli mthunzi. Athirire m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, konkire ya pansi aifunditse ndi masaka onyowa kapena pulasitiki. Chithunzi akujambulireni pafupi, dzuwa likuwomba cham'mbali kuti ming'alu ioneke, ndipo wachibale akande ndi msomali inu mukuona pa foni. Ndalama ya penti idikire mpaka patatha milungu inayi.