Momwe mungawerengere histogalamu ya MACD, ndi nthawi yoti musaikhulupirire

MACD, chida cha pa tchati choyezera mphamvu ya kayendedwe ka mtengo, ili ndi mizere iwiri. Woyamba ndi kusiyana kwa EMA ya makandulo 12 ndi ya makandulo 26. EMA ndi avereji ya mitengo yomwe imatsamira kwambiri pa makandulo aposachedwa. Wachiwiri, wa siginolo, ndi EMA ya makandulo 9 ya mzere woyambawo. Histogalamu, yomwe Thomas Aspray anaibweretsa mu 1986, imayeza mpata wa pakati pa iwiriyi:

```
Histogram = MACD - Signal
```

Choyamba, tsimikizani kuti mukuyang'ana chinthu choyenera. Pa TradingView timizati mukutionato ndi histogalamu yeniyeni. Pa MetaTrader 4 ayi: timizati ta MACD kumeneko ndi mzere woyamba uja, ndiye onjezani OsMA, chida chomwe chimaonetsa histogalamuyo.

Kenako tsatirani kutalika kwa timizati, pa makandulo omwe atseka okha. Tiyerekeze kuti pa tchati cha ola limodzi cha EUR/USD tikuwerenga 0.0004, 0.0007, 0.0009, 0.0008, 0.0005. Tonse tili pamwamba pa ziro, mwinanso mtengo ukadakwera, koma kuyambira pa kachinayi mphamvu ya ogula yayamba kuzilala. Ili ngati minibasi yomwe dalaivala wachotsa phazi pa moto: ikuyendabe, koma liwiro likutsika. Apa sipogulitsira ayi. Ndi pobweretsa `Stop Loss` yanu pafupi ndi kuleka kuonjezera zogula. Chenjezo limakula mtengo ukafika pamwamba kuposa kale pomwe phiri la timizati lafupika poyerekeza ndi lapitalo.

Mizere ikadutsana, histogalamu imakhala pa ziro. Choncho kudutsanako ndi nkhani yochedwa. Timizati tinayamba kale kufupika.

Kuchedwaku kumapweteka kwambiri mtengo ukamangozungulira malo amodzi. Tinene kuti ukungopita uku ndi uku pakati pa 1.0800 ndi 1.0860. Wanyamuka pansi, koma EMA imawerengera makandulo akale, ndiye mizere ikudutsana mtengo utafika kale pa 1.0845. Mwagula. Kwatsala mapipi 15 okha kuti ugunde denga, ndipo ukugundadi n'kubwerera. Siginolo yogulitsa ikubwera pa 1.0815. Mwataya mapipi 30, osawerengera sipuredi, ndipo mwagulitsa pafupi ndi pansi pomwe uyambirenso kukwera. Zikabwerezeka katatu, akaunti yaing'ono imamva kuwawa ndithu.

Ndiye musanamvere siginolo iliyonse, jambulani mizere iwiri yopingasa, wina pa nsonga zam'mwamba, wina pa zam'munsi. Ngati mtengo wagunda uliwonse kawiri n'kubwerera, muli m'khola. Onaninso mzere wa MACD: ukamakwawa pafupi ndi ziro, timizati n'kumasintha mbali pakangopita makandulo ochepa, msika ulibe kolowera. ADX, chida choyezera ngati msika uli ndi kolowera kwamphamvu, ikakhala pansi pa 20 ikunena zomwezo.

Zikatero ine ndimaleka kuwerenga kudutsana konse. Ndimadikira kandulo itseke kunja kwa khola, timizati tikutalika motsatizana kumbali yomweyo, ndipo ndimayamba ndaona ngati tchati cha maola 4 chikuvomereza.