Momwe mungatsatire ulendo wa njoka zoyamwa magazi kuchokera kuphazi, kudzera m'mapapo, mpaka m'matumbo

Munthu akamva za njoka zam'mimba amaganiza kuti zinalowera pakamwa, mwina kudzera m'chakudya chosatsuka. Koma mtundu wina, umene azaumoyo amautchula kuti hukuwemu, umalowera pakhungu la kuphazi ndipo umatenga masabata angapo ukuyendayenda m'thupi usanakhazikike m'matumbo. Chovuta n'chakuti zizindikiro zake zimaoneka malo atatu osiyana, pa nthawi zosiyananso, moti wodwala amayesa kuti ndi matenda atatu. Titsatire mlimi mmodzi wa kudimba ku Golomoti, amene tiyerekeze kuti anaponda dothi loipa pa 1 Febuluwale, kuti muone zoyenera kuyang'ana ndi kuchita pa gawo lililonse.

Choyamba, yang'anani pamene mumaponda. Mazira a njokazi amatuluka ndi chimbudzi cha munthu amene ali nazo kale. Akagwera pa dothi lonyowa, lofunda komanso la mthunzi, amaswa pakapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo timphutsi take timafundula kawiri n'kukhala tokonzeka kulowa mwa munthu pakatha masiku 5 mpaka 10. Pamenepo timakhala totalika pang'ono kuposa theka la milimita, tosaoneka bwino ndi maso, ndipo timatha kudikira m'dothimo masabata atatu kapena anayi. Ichi ndi chifukwa chake malo oopsa si okhawo amene mukuona chimbudzi ayi. Kuseri kwa nthochi kumene wina anadzithandiza sabata yatha, mvula n'kukokolola zonse, kumaoneka koyera, chonsecho ndi pamene timphutsi tafika pokhwima. Dothi la mchenga la kumadera otentha monga Mtakataka, Golomoti ndi chigwa cha Bwanje limatisunga bwino kuposa la kumapiri ozizira a pa boma la Dedza, ngakhale kuti kumapiriko sikuti n'kotetezeka kotheratu m'nyengo ya dzinja. Dzuwa lamphamvu ndi kuuma kwa dothi zimatipha.

Chachiwiri, yang'anani mapazi madzulo a tsiku limene mwagwira ntchito opanda nsapato. Timphutsiti sitifuna bala kuti tilowe: timatulutsa madzi amene amafewetsa khungu, n'kudziboolera njira, makamaka pakati pa zala pamene khungu ndi lopyapyala ndipo matope amakhalitsa. Mlimi wathu uja, usiku wa pa 1 Febuluwale, akumva kuyabwa kwambiri pakati pa zala, ndipo m'mawa mwake akuona tizilonda tating'ono totukuka ngati tolumidwa ndi udzudzu. Apa musambitse phazi ndi sopo, mulipukute liume, ndipo musakande, chifukwa kukanda ndi zikhadabo zakuda kumabweretsa mafinya, vuto lina lapadera. Kusambako sikungatulutse timphutsi tomwe talowa kale, choncho chofunika kwambiri ndi kulemba tsikulo penapake, ngakhale kuseri kwa kabuku ka kuchipatala. Ngati m'malo mwa tizilondato mukuona kamzere kokhotakhota kamene kakusuntha pansi pa khungu tsiku ndi tsiku, kawirikawiri ameneyo amakhala mphutsi ya njoka za agalu kapena amphaka, imene imasochera pakhungu pomwepo osafika m'matumbo. Nayonso imafuna kuchipatala, koma ulendo wake ndi wina.

Chachitatu ndi gawo limene anthu ambiri salidziwa, ndipo ndi pamene pamafunika kutchera khutu. Timphutsi tikadutsa khungu timalowa m'mitsempha yobwerera kumtima, ndipo magazi amatinyamula mpaka mbali yakumanja ya mtima, imene ntchito yake ndi kupopera magazi m'mapapo. Mitsempha ya m'mapapo imanka icheperachepera mpaka kamphutsi sikangapitirirenso, ndiye kamaboola khoma n'kugwera m'timatumba ta mpweya. Kuchoka apo kamakwera m'njira za mpweya, kothandizidwa ndi tiubweya timene timakankhira makhololo kumtunda, mpaka kafike pakholingo. Munthu amatsokomola pang'ono, n'kumeza malovu osadziwa kuti wameza chiyani, ndipo apo ndiye kuti kamphutsi kapeza njira ya kumimba. Tinganene kuti thupi lenilenilo ndi limene limaperekeza mlendoyu.

Kwa mlimi wathu, izi zikuchitika cha m'sabata yachiwiri ya Febuluwale. Akhoza kukhala ndi kachifuwa kouma, kukerekesa pakhosi, kapena kulira m'chifuwa popuma, koma anthu ambiri samva kanthu, makamaka ngati talowa timphutsi tochepa. Njira yosiyanitsira ndi kuwerenga masiku: chifuwa chimenechi chimabwera patangopita masiku owerengeka kuchokera pa kuyabwa kwa kuphazi kuja, ndipo chimatha chokha. Chifuwa chimene chapitirira masabata awiri, chotsagana ndi thukuta la usiku, kuonda kapena magazi m'makhololo, musachinamizire njoka. Pitani mukayezetse chifuwa chachikulu.

Chachinayi, musafulumire kukhulupirira zotsatira za kuyeza chimbudzi. Timphutsi tikafika m'matumbo aang'ono timakula mpaka kutalika pafupifupi sentimita imodzi, n'kudziphatika kukhoma la matumbo ndi kamwa lake lakuthwa, koma mazira amayamba kuoneka m'chimbudzi pakatha masabata pafupifupi 6 mpaka 8 chilowereni pakhungu. Ndiye ngati mlimi uja atapereka chimbudzi ku labu pa 15 Febuluwale, n'zotheka kuti sadzapeza kanthu, pamene atapereka kumapeto kwa Malichi mazira akhoza kuoneka pa maikulosikopu. N'chifukwa chake tsiku lija munalemba ndi lofunika kuwauza adokotala.

Kuyamwa magazi kumayamba njokazi zikadziphatika m'matumbo. Mtundu wa hukuwemu wofala kwambiri kuno kum'mwera kwa Sahara umatayitsa magazi pafupifupi mamililita 0.03 pa njoka imodzi patsiku, zomwe zimamveka zochepa. Koma munthu akakhala ndi njoka 200, ndiye kuti akutaya mamililita 6 patsiku, kapena 180 pamwezi, ndipo njoka imodzi imatha kukhala chaka kapena kupitirira. Dziwaninso kuti njokazi siziswana m'thupi: iliyonse inalowa yokha kuchokera m'dothi, moti chiwerengero chimakwera ndi kuponda mobwerezabwereza. Kokerani pansi chikope cha m'munsi muli pa kuwala, muonenso zikhatho ndi lilime. Kuyera kwa malo amenewa, kutopa pokwera kachitunda kamene kale munkakwera osapumira, chizungulire ndi kulakalaka kudya dothi ndi zizindikiro za kuchepa kwa magazi, ngakhale kuti malungo ndi likodzo nazonso zimachepetsa magazi, choncho kuyezetsa n'kofunika.

Chachisanu, landirani mankhwala oyenera. Wamkulu ndi mwana woyambira zaka ziwiri amapatsidwa mbulu umodzi wa alibendazo wa mamiligalamu 400, pamene mwana wa miyezi 12 mpaka 23 amapatsidwa theka lake. Mayi woyembekezera samwa mankhwalawa m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo ayenera kutsatira malangizo a kusikelo. Purazikwantelo, amene ana amalandira kusukulu, ndi wa likodzo ndipo sapha njoka zimenezi. Alibendazo amagwira bwino ntchito pa njoka zimene zafika m'matumbo, ndipo sabwezeretsa magazi otayika, n'chifukwa chake amene magazi achepa amapatsidwanso mibulu ya ayironi yoti amwe kwa miyezi ingapo.

Mankhwalawa sateteza mawa. Mlimi wathu akamwa mbulu wake mu Epulo n'kubwerera kudimba lomwe lija ali chosavala nsapato, ulendo umayambiranso pa zala zomwe zija. Mapatapata amathandiza pabwalo louma, koma m'matope amalola dothi kulowa pakati pa zala, ndiye kudimba pamafunika majombo, ndi chimbudzi chokumba chapafupi choti onse olima kumeneko, ndi ana omwe, azigwiritsa ntchito.