Kuyerekeza Chikhristu ndi Chisilamu pa chuma

Amene mwapatsidwa funso loyerekeza zipembedzo ziwiri pa chuma ndi kuthandiza osauka, musayambe kulemba zonse za Chikhristu kenako zonse za Chisilamu. Ine ndinatero ndili ku sekondale kuno ku Dedza, aphunzitsi nkundibwezera pepala akuti ndalemba nkhani ziwiri zosadziwana.

Sankhani mafunso atatu, lililonse likhale ndime yake, zipembedzo zonse ziwiri ziyankhe mu ndime yomweyo: mwini chuma ndani, munthu apereke zingati, olandira ndani.

Funso lachiwirilo ndiye lokoma. Msilamu amapereka zakati, 2.5 peresenti ya chuma chimene wasunga chaka chathunthu chikafika mlingo wotchedwa nisabu. Ndi lamulo. Pomwepo ikani 2 Akorinto 9:7, pamene Paulo akuti aliyense apereke monga watsimikiza mumtima. Koma musathamangire kunena kuti Asilamu amangopereka mokakamizidwa, pajatu alinso ndi sadaka, yopereka mwaufulu.

Pa olandira, Korani 9:60 imatchula magulu 8, ndipo Mateyu 25 amatchula anjala, odwala ndi andende. Mukasanja chonchi kusiyana kumaonekera kokha, wochonga savutika kukufunafuna.