Momwe mungatengere chitsanzo cha kalembedwe ka wophunzira m'kalasi kuti mudzayerekezere ndi ntchito ya kunyumba

Mphunzitsi akalandira chimangirizo chosalala kuchokera kwa mwana amene amavutika kumanga ndime, mtima umakayika. Koma kukayika kokha si umboni. Chofunika ndi pepala limene mwanayo analemba pamaso panu, m'nthawi yoikika, popanda womuthandiza.

Chitani zimenezi sabata yoyamba kapena yachiwiri ya teremu, musanapereke ntchito yaikulu ya kunyumba. Patulani mphindi 40: zisanu zokonzekera, 30 zolemba, zisanu zowerenganso. Alembe ndi cholembera cha inki, mafoni ndi mabuku zili m'zikwama. Akalakwitsa adule ndi mzere umodzi, asafufute, chifukwa mawu odulidwawo amaonetsa mmene mwanayo amaganizira akamadzikonza. Pepala lokonzekera mulitolerenso.

Pa mutu m'pamene ambiri amaphonya. Ngati ntchito ya kunyumba idzakhala yamtsutso, chitsanzonso chikhale chamtsutso. Mwana amene amasimba nthano bwino amatha kusokonezeka akamateteza mfundo, ndipo mukayerekeza ziwirizi mudzaona kusiyana kumene sikukutanthauza kanthu. Mutuwo usafune kafukufuku, komanso asaudziwiretu. Funso ngati lakuti "Kodi ophunzira azipatsidwa ntchito ya kunyumba tsiku lililonse?" ndi lokwanira, aliyense ali ndi chonena.

Auzeni poyera kuti pepalalo mulisunga, ndipo mudzaligwiritsa ntchito poona mmene akupitira patsogolo komanso poyerekeza ndi zolemba zawo zina. Lipatseni malikisi ochepa. Likakhala lopanda malikisi ena amangolemba mwamphwayi, pomwe malikisi ambiri amabweretsa mantha, ndipo konsekonse simupeza kalembedwe kawo kenikeni.

Mukatolera, lembani tsiku ndi nthawi imene anapatsidwa. Ngati wina anali kudwala kapena amafunika nthawi yoonjezera, lembaninso. Kenako pa kapepala kena lembani zizolowezi zinayi kapena zisanu za mwana aliyense. Werengani mawu a m'ziganizo khumi n'kugawa ndi khumi kuti mudziwe kutalika kwa chiganizo chake. Onani mawu amene amalumikizira mfundo, zolakwa zimene amabwereza, ndi kumene amatenga zitsanzo. Pakapita masabata angapo tengani chitsanzo chachiwiri, pakuti pepala limodzi likhoza kungokhala la tsiku loipa.

Poyerekeza, musaiwale kuti ntchito ya kunyumba iyenera kuposa ya m'kalasi. Mwana anali ndi masiku, dikishonale, mwina ndi kompyuta yokonza masipelo. Choncho kutalika, masipelo ndi ukhondo wa ntchito sizikuuzani zambiri. Zimene zimachedwa kusintha ndi kamangidwe ka ziganizo ndi kayendetsedwe ka mfundo.

Tiyerekeze mtsikana amene m'kalasi analemba mawu 280. Ziganizo zake zinali za mawu pafupifupi 12, zambiri zoyamba ndi "komanso" kapena "ndiye". Ankaika mpumiro pofunika mpatuliro ndi mpatuliro pofunika mpumiro, ndipo mfundo iliyonse ankaichirikiza ndi zimene anaona yekha. Patatha mwezi wabweretsa mawu 600, masipelo onse olondola, ziganizo za mawu 15. "Komanso" akadalipo, zitsanzo n'za moyo wake, ndipo pena mpatuliro wakhalabe posayenera. Apa palibe chodetsa nkhawa, ndi yemweyo atapeza nthawi.

Nkhani ikanakhala ina ziganizo zikanafika mawu 25, zolumikizidwa ndi "ngakhale zili choncho" ndi "kuonjezera apo", zizolowezi zake zonse zitazimiririka nthawi imodzi, zitsanzo zake zitalowedwa m'malo ndi mfundo zapatalipatali. Chokayikitsa kwambiri ndi pamene ndime ziwiri zikumveka ngati iye, yachitatu ngati munthu wina, kenako n'kubwereranso.

Ngakhale pamenepo musathamangire kuweruza. Mwana akhoza kuti wakhala akuwerenga kwambiri, kapena wagwiritsa ntchito zimene inu nomwe mwaphunzitsa mwezi umenewo. Ena amauma mutu akamva kuti nthawi ikuwerengedwa, makamaka olemba m'chilankhulo chimene si chawo, ndiye chitsanzo chawo chimatsika kuposa luso lawo. Muitaneni pambali, muike mapepala onse awiri patebulo, mumufunse kuti, "Ndime iyi yandisangalatsa, tandifotokozera mmene unaimangira." Sankhani mawu awiri ovuta amene wagwiritsa ntchito kuti awatanthauzire, ndipo mufunse ngati ali ndi pepala limene anayambira kulemba. Wolemba yekha amakumbukira zimene anachotsa ndi pamene anavutika. Ngati mukukayikabe, mpatseni mphindi 10 kuti alembe ndime imodzi pa mfundo yomweyo pamaso panu, ndipo pepalalo muliphatikize ku zitsanzo zake zija.