Mmene mungafufuzire mawu a Chigiriki pokonza ulaliki musanapite kusukulu ya ubusa

Ine ndine mkulu wa mpingo ku Ndirande, sindinaphunzirepo Chigiriki kapena Chiheberi, koma pafupifupi mwezi uliwonse ndimapatsidwa gome. Njira yomwe ndimatsata ndi iyi.

Yambani ndi Baibulo la Chichewa. Werengani mutu wonse m'Buku Lopatulika, kenako m'Buku Loyera ngati muli nalo. Pomwe awiriwa asiyana mawu, pamenepo ndi pomwe pali chifukwa chofufuzira. Sankhani liwu limodzi, mukachulutsa awiri.

Kenako pezani nambala ya liwulo. Konkodansi ya Strong, buku londandalika mawu a m'Baibulo lomwe linatuluka mu 1890, inapatsa liwu lililonse la Chiheberi ndi Chigiriki nambala yake, potsata Baibulo la Chingerezi la King James. Bukuli ndi lalikulu komanso lodula. Langa ndinagula kwa wogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe, ndipo nditafika kunyumba ndinapeza kuti masamba a kumapeto, komwe kuli matanthauzo a Chigiriki, anathothoka. Muzitsegula kumapeto musanalipire. Koma masiku ano sizofunikanso kugula. Mapulogalamu a pa intaneti a Blue Letter Bible ndi STEP Bible ndi aulere, bandulo yochepa ikukwanirani. Anyamata ena amalipiritsa kuti akuikireni pafoni, musawapatse ndalama. Tsegulani vesi, dinani Interlinear, muona liwu lililonse ndi nambala yake.

Apa ndi pomwe ine ndinagwa. Ndinkakonza ulaliki wa Yohane 21:15-17, pomwe Yesu afunsa Petro katatu ngati amamukonda. Ndinaona kuti kawiri koyamba Yesu agwiritsa agapao (G25), Petro ayankha ndi phileo (G5368), ndipo kachitatu Yesu nayenso agwiritsa phileo. Mtima unadumpha. Ndinaima pa gome n'kuuza anthu kuti agapao ndi chikondi cha Mulungu chokhachokha, phileo ndi chikondi chotsika cha pachinzake, ndiye kuti Petro analephera kufika pamwamba mpaka Yesu anatsika. Ma ameni anamveka tchalitchi chonse.

Titaweruka, bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, anandikokera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. "Akulu ampingo," anatero motsitsa mawu, "mukafika kunyumba mukaone liwu lomwe lili pa Yohane 3:19." Ndinakaona madzulo omwewo. Anthu akukonda mdima koposa kuunika, ndipo liwu lake ndi agapao. Pa 2 Timoteo 4:10 Dema asiya Paulo chifukwa chokonda dziko lino, agapao yemweyo. Ndinapitiriza mtima ukuwawa. Pa Yohane 3:35 Atate akonda Mwana ndi agapao, koma pa Yohane 5:20 Atate omwewo akonda Mwana yemweyo ndi phileo. Za Lazaro, Yohane 11:3 ali ndi phileo, vesi 5 ali ndi agapao. Yohane amasinthasintha mawu awiriwa. Ngakhale m'ndime yomwe ndinalalikira ija, asintha mawu onena za kudyetsa ndi kuweta, ana a nkhosa ndi nkhosa. Alipo akatswiri ena omwe amaonabe kusiyana pang'ono pa Yohane 21, koma zoti agapao ndi chikondi cha Mulungu nthawi zonse n'zabodza, ndipo ndinaphunzitsa anthu a Mulungu zimenezo. Sabata yotsatira ndinapempha mphindi ziwiri n'kukonza.

Chomwe ndinadumpha ndi ichi: mukapeza nambala, werengani mavesi ena momwe liwulo likupezeka, kuyambira ndi mlembi yemweyo. Pansi pa tanthauzo pamakhala mndandanda wake. Phileo akupezeka ka 25 kokha m'Chipangano Chatsopano, mutha kumaliza tiyi asanazizire. Agapao apitirira ka 140, ndiye werengani za Yohane zokha. Powerenga muzifunafuna vesi lomwe likutsutsa mfundo yanu. Likapezeka limodzi, mawu oti "nthawi zonse" achoke mu ulaliki.

Matanthauzo onse omwe alembedwa pansi pa nambala musawathire m'vesi limodzi. Taganizani liwu lathu loti mtengo. Mayi akafunsa mtengo wa tomato mumsika wa Ndirande, palibe amene amaganiza za mizu ndi nthambi. Chiganizo ndicho chimasankha tanthauzo, m'Chigiriki chimodzimodzi.

Chenjeraninso ndi za gwero la mawu. Ena amalalikira kuti dunamis wa pa Aroma 1:16 ndi dainamaiti, poti liwu loti dainamaiti linachokera pamenepo, koma dunamis ndi mphamvu basi. Dainamaiti anabwera ndi Alfred Nobel mu 1867, Paulo sankaganiza za bomba.

Pomaliza onani buku la ndemanga limodzi, kapena tumizani mfundoyo kwa abusa anu pofika Lachinayi. Ngati mwapeza chinthu chomwe omasulira onse sanachione, chisiyeni kaye. Pa gome nenani tanthauzolo m'Chichewa, perekani vesi lina lomwe anthu angathe kutsegula okha m'Baibulo lawo, ndipo liwu la Chigirikilo litsale m'kope mwanu.