Njala ya usiku mukaweruka shifiti yaitali pamene mukuchepetsa thupi

Abale anga amene muli kunja kuno ndipo mwayamba kuchepetsa zakudya kuti thupi litsikeko, ndikudziwa kuti ambiri mmawa mumayenda bwinobwino, masananso mumapirira, koma ikangokwana 8 koloko usiku mwafika kunyumba mwatopa ndi shifiti ya maola 12 nde basi fuliji yatsekulidwa, mabisiketi, buledi, chokoleti, chilichonse chomwe dzanja lagwira, ndipo makalori onse amene munasunga tsiku lonse abwerera m'mphindi 20 zokha. Zimandimvetsa chisoni kuti anthu ambiri amayamba kudzida kuti ndine wofooka, pamene nthawi zambiri njala ya usikuyo inayambika kale mmawa ndi zomwe munadya komanso dzulo lake ndi mmene munagonera, ndiye kulimbana nayo 8 koloko usiku mumakhala mwachedwa kale.

Tiyerekeze mayi wolemera makilo 80 amene amasamalira okalamba kuyambira 7 mmawa mpaka 7 madzulo. Tinene kuti thupi lake limagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 2200 patsiku, ndiye kuti atsike bwino akufunika kudya cha m'ma 1750, kuchotsa 400 kapena 500 basi. Koma zomwe amachita, mmawa amangomwa khofi ndi kasilaisi ka buledi akuthamangira basi, pa bureki masana kasaladi ka masamba okhaokha poti ali pa dayeti, ndiye ikamakwana 7 madzulo wadya mwina makalori 500 okha ndipo puloteni sinafike ndi magalamu 20 omwe, chikhalirecho wakhala chiimire tsiku lonse akunyamula anthu. Munthu ameneyu akafika kunyumba adya kwambiri basi, palibe chodabwitsa. Ndipo ngati mwadzidulira chakudya mpaka kuchotsa makalori 1000 patsiku, palibe faiba kapena puloteni imene ingakuthetsereni njala imeneyo, yambani mwabwezerako chakudya kaye.

Choyamba kukonza ndi puloteni chifukwa pa magulu onse a zakudya ndi imene imakhutitsa kwambiri pa kalori iliyonse, imachepetsa homoni ya njala yotchedwa gerelini imene imachokera m'mimba, komanso imateteza minofu kuti thupi likamatsika muzitaya mafuta kwambiri. Mulingo wabwino ndi magalamu 1.6 pa kilo iliyonse, ndipo ngati muli onenepa kwambiri werengerani pa makilo amene mukufuna kufika. Mayi uja akufuna kufika 70, nde 70 kuchulukitsa ndi 1.6 ikubwera 112, tingoti 110 patsiku. Pomwe ambiri amalakwitsa mpoti puloteni yonse amaiunjika pa chakudya cha usiku, mmawa ndi masana mulibe kanthu. Igaweni, magalamu 25 mpaka 40 pa chakudya chilichonse chachikulu. Kuti muziyerekeza mosavuta, dzira limodzi lili ndi magalamu 6, chidali cha nkhuku chophika cholemera magalamu 100 chili ndi pafupifupi 30, yogati yolimba ija yopanda shuga imakhala ndi 9 kapena 10 pa magalamu 100 alionse koma muziwerenga pa chibotolo chifukwa mayogati ena ndi shuga yekhayekha puloteni yake yochepa zedi.

Faiba imagwira ntchito mwa njira ina. Imadzaza mimba popanda makalori ambiri, ndipo ina monga ya mu otsi, nyemba, mphodza ndi maapulo imayamwa madzi nkukhala ngati phala lolimba, chakudya chimachedwa kutuluka m'mimba ndipo shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono, nchifukwa chake buledi woyera mukadya 6 koloko pofika 9 mimba yayamba kale kulira pamene otsi amakufikitsani patali. Munthu wamkulu amafunika magalamu 25 mpaka 30 patsiku ndipo anthu ambiri safika. Nyemba ine ndimazikonda pa nkhaniyi chifukwa zimabweretsa zonse ziwiri, magalamu 150 a nyemba zophika ali ndi puloteni cha m'ma 12 ndi faiba cha m'ma 10, ndipo za m'chitini zilibe vuto, ingozitsukani kuti mchere uchepe. Chipatso chidyeni chathunthu, juwisi wofinya faiba yake yambiri inatsala kunja ndipo zakumwa sizikhutitsa ngati zotafuna.

Koma chonde musadumphe kuchoka pa magalamu 10 kufika 30 tsiku limodzi, mimba idzafufuma, mpweya udzakuvutitsani pa ntchito ndipo mudzasiya zonse nkumati faiba sindiyanjana nayo. Onjezerani magalamu 5 pa sabata, ndipo muzimwa madzi okwanira chifukwa faiba yambiri popanda madzi imathanso kudzimbitsa.

Tsopano tsiku la mayi uja tikalikonza likhala chonchi. 6 koloko mmawa mazira awiri owiritsa, otsi magalamu 40 ophika ndi mkaka, ndi apulo, apa ndi makalori pafupifupi 480 ndi puloteni 24, mazirawo awiritseni ambiri pa tsiku la ofu kuti mmawa musavutike. Masana m'kabokosi muli nkhuku magalamu 100, nyemba 150 ndi ndiwo zamasamba zambiri, makalori ngati 450 ndipo puloteni ikupitirira 40. Kenako cha m'ma 4 koloko yogati magalamu 150 ndi lalanje, makalori 160 okha. Usiku nsomba, mbatatesi zowiritsa ndi makungu ake magalamu 200 ndi masamba, ngati 480. Zonse pamodzi zikukwana 1570, puloteni yafika 110, faiba yafika 30, ndipo patsala makalori pafupifupi 180 a mkaka wa mu tiyi ndi kachokoleti. Mafuta ophikira okha muziyeza ndi supuni chifukwa supuni yaikulu imodzi ndi makalori 120 ndipo sakhutitsa molingana ndi makalori akewo.

Pa zonsezi kachakudya ka 4 koloko ndi kamene ndimakalimbikira kwambiri. Kuchokera 12 koloko masana kufika 8 usiku ndi maola 8 mukugwira ntchito yolemetsa, ndipo munthu amene wafika kunyumba ali ndi njala yoopsa sadikira kuti mphika upse, amadya ali chiimire kenako nkudzadyanso chakudya chenichenicho. Makalori 160 amenewo amakupulumutsani ku 600 a usiku. Chinanso, gerelini imazolowera nthawi, imakwera pa nthawi imene mumadya masiku onse ndipo ikakwera imatsikanso yokha olo musadye, nde mukamadya nthawi zofanana tsiku ndi tsiku njala imabwera nthawi yodziwika ndipo sikudzidzimutsani. Mukasintha nthawi zodyera perekani masiku angapo mpaka sabata kuti thupi lizolowere. Za kusadya mmawa nkumadya m'maola 8 okha zija, zimathandiza ena amene mmawa samva njala, koma zilibe mphamvu yapadera yosungunula mafuta kuposa kungochepetsa makalori, ndipo ngati mwayesa nkuona kuti usiku mukudya mosadziletsa ndiye kuti si zanu, zisiyeni.

Amene mumagwira usiku, chakudya chachikulu idyani musanapite ku ntchito, pakati pa usiku mudye chopepuka chokhala ndi puloteni, chifukwa cha m'ma 3 koloko mbandakucha thupi limafuna tulo ndipo limapempha zotsekemera, kabokosi kanu kakapanda kukhalapo mugwa pa mashini ogulitsa maswiti aja. Mukaweruka mmawa idyani pang'ono kuti njala isakudzutseni tulo tili pakati.

Tulo ndi pamene anthu akunja kuno timagonja kwambiri, ntchito ziwiri, maovataimu, mafoni a achibale usiku, ndiye tulo timangotidula ngati tilibe ntchito. Koma kafukufuku wina wa ku Amerika wa 2004 anagoneka anyamata 12 maola 4 okha usiku uliwonse kwa masiku awiri, gerelini inakwera ndi 28 peresenti, leputini imene imauza ubongo kuti thupi lili ndi chakudya chokwanira inatsika ndi 18 peresenti, ndipo zomwe ankalakalaka kwambiri zinali zotsekemera, zamchere ndi zokhuthala ndi sitachi. Wina wa 2010 anatenga anthu ochepetsa thupi, chakudya chofanana, nthawi ina maola 8 ndi theka pabedi nthawi ina 5 ndi theka, ndipo pamene ankagona pang'ono mafuta amene anataya anachepa ndi 55 peresenti, zambiri zomwe zinachoka sanali mafuta, njalanso inali yambiri. Anthu ake anali ochepa, 10 okha, koma zikugwirizana ndi zomwe aliyense amaona akagona mochedwa.

Nde yesetsani maola 7. Khofi womaliza mumwe kutatsala maola osachepera 6 kuti mugone, bola 8, chifukwa patatha maola 5 theka la kafini limakhala likadali m'thupi, ndipo zakumwa zopatsa mphamvu za m'zitini zija nazonso ndi kafini yemweyo. Ogona masana gulani makatani okhuthala kapena kansalu kophimba m'maso, foni ikhale chete. Tsiku limene mwagona maola 4 dziwani kuti njala ikhala yambiri, tsiku limenelo si loyesera kudya pang'ono kwambiri, olo mutadya makalori onse 2200 mwadongosolo bola kusiyana ndi kupirira mpaka madzulo kenako nkufika 3000.

Muzisiyanitsanso njala ndi chibaba. Njala imabwera pang'onopang'ono, imamveka m'mimba, ndipo mbale ya nyemba ndi mazira mutha kuilandira. Chibaba chimabwera mwadzidzidzi ndipo chimafuna chinthu chimodzi, chokoleti basi, nthawi zambiri mukatopa, mukakhumudwa kapena mukasungulumwa m'chipinda muli nokha, zomwe kunja kuno zimachitika kawirikawiri. Dzifunseni kuti dzira lowiritsa ndingadye pano? Ngati eya, idyani chakudya chenicheni. Ngati ayi, dikirani mphindi 15 kapena 20, sambani, imwani tiyi, imbirani wina, kawirikawiri chimazilala. Chikapanda kuzilala tengani zomwe mukufunazo, ikani pa mbale mulingo wa makalori 150 pa 180 aja munasiya, paketi mubwezere mu kabati musanayambe kudya, ndipo mudye mutakhala pansi mutatha chakudya cha usiku. Kudziletsa kotheratu kuti chokoleti sindidzakhudzanso kumangokulitsa chibabacho. Azimayi ambiri njala ndi chibaba zimakwera sabata yoti ayambe kusamba, nde masiku amenewo kuonjezerako makalori 100 kapena 200 si kulakwa.

Kanjala pang'ono ola limodzi musanadye ndi kabwinobwino mukamachepetsa thupi. Koma mukaona chizungulire, kunjenjemera, kuzizidwa nthawi zonse, kudzuka pakati pa usiku ndi njala, tsitsi kuthothoka, kusamba kusiya, kapena sikelo ikutsika kupitirira kilo imodzi sabata iliyonse kwa masabata angapo, ndiye kuti mwachepetsa kwambiri, onjezerani makalori 200 kapena 300, kapena pumulani sabata imodzi kapena ziwiri mukudya mokwanira. Amene mumabaya insulini kapena kumwa mankhwala a shuga musasinthe nthawi zodyera musanalankhule ndi dokotala chifukwa shuga atha kutsika moopsa muli pa ntchito, a matenda a impso puloteni yambiriyi ifunseni kaye, ndipo oyembekezera si nthawi yochepetsa thupi. Ngati mwayamba kumadya kwambiri mobisa mosatha kudziletsa kenako nkumasanza dala kapena kudzimana tsiku lonse lotsatira, siyani kaye dayetiyo mukaonane ndi dokotala.