Kuwerenga kiipadi ya mabatani 16 pa ATmega328P

Anzanga a ku Dedza amene mukupanga loko ya nambala, kiipadi ya mizere 4 ndi mizati 4 imafuna mapini 8 okha. Mizere ikhale pa PD4 mpaka PD7, yotulutsa. Mizati ikhale pa PB0 mpaka PB3, yolowetsa, ndipo muyatse zokokera mmwamba zamkati polemba 0x0F mu PORTB. Mukapanda kutero mizati imayandama, manambala n'kumabwera okha.

Tsitsani mzere umodzi ku 0, enawo akhale 1, kenako werengani mizati:

```
ldi r16, 0xEF
out PORTD, r16
nop
in r17, PINB
andi r17, 0x0F
```

Mukapeza 0x0F palibe chodinidwa pamzerewo. Mukapeza 0x0D, ladinidwa batani la pa PB1. Mizere yotsatira ndi 0xDF, 0xBF, 0x7F.

`nop` uja musamuchotse. PINB imachedwa kuona kusintha, ndiye mukawerenga msanga batani limaoneka ngati lili pamzere wotsatira. Mawaya akakhala aatali, dikirani mamaikolosekondi angapo.

Batani limanjenjemeranso likadinidwa, nambala imodzi n'kulowa katatu. Werenganinso pakapita mamilisekondi 20, muvomereze pokhapokha zotsatira ziwirizo zikafanana.